Shuga wakwera, yureniyamu wakwera: mmene mungadziwire ngati sheya yanu ikwere nawo

Mlamu wanga wa ku Tsangano anandiimbira foni tsiku lina m'mawa, mawu ali m'mwamba. Anali atangogula shuga pagolosale pamtengo umene unamudabwitsa, ndipo anati, "Alamu, shuga wakwera chonchi, ndiye kuti eni kampani akudya bwino. Ndigule masheya awo msanga?" Funso limeneli ndalimva kambiri kwa aphunzitsi, anamwino ndi amalonda kuno ku Ntcheu, anthu amene asunga kandalama ndipo akufuna kukayika pamsika wa masheya ku Blantyre. Yankho langa silisintha. Sheya siitsata mtengo wa katundu. Imatsata mpata umene uli pakati pa mtengo wogulitsira katunduyo ndi ndalama zimene kampani yawononga kuti imupeze. Zimene ndilembe apa ndi njira yoyezera mpata umenewo ndi pepala, cholembera ndi kakyuleta ya pafoni.

Yambani ndi thumba la kachewere

Musanatsegule lipoti la kampani iliyonse, chitani kaye masamu awa ndi chinthu chimene mumachidziwa bwino. Manambala ndikupereka apa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu.

Mlimi wa kachewere wafika naye pa Lizulu. Akaphatikiza mbewu, feteleza, mankhwala opopera, aganyu, thumba lenilenilo ndi galimoto, thumba limodzi lamudyera K40,000. Wagulitsa K50,000. Phindu lake ndi K10,000. Sabata yotsatira mavenda a ku Blantyre achuluka, mtengo wafika K55,000. Mtengo wakwera pang'ono, K10 pa K100 iliyonse, koma phindu lachoka pa K10,000 kufika pa K15,000, lawonjezekera ndi theka lathunthu. Ndiye tiyerekeze kuti kachewere wasefukira pamsika, mtengo watsika kufika K40,000. Wogula akuona ngati watsika pang'ono chabe. Mlimi uja wabwerera kumudzi chimanjamanja.

Pambali pake pali mnzake amene munda wake uli pafupi ndi msewu, amathira manyowa, mbewu ndi yake. Thumba lamudyera K25,000. Pa K50,000 amapindula K25,000. Mtengo ukafika K55,000 amapindula K30,000, kukwera kwake sikodzidzimutsa ngati kwa woyamba uja. Koma mtengo ukagwa pa K40,000 iye akadali ndi K15,000 pa thumba, ndipo chaka chamawa alimanso.

Alimi awiriwa ali ngati makampani awiri. Amene amawononga zambiri, sheya yake imalumpha kwambiri mtengo ukakwera, imagwanso koopsa mtengo ukatsika. Amene amawononga zochepa amayenda pang'onopang'ono koma sagwa msanga. Mukamvetsa izi, zotsalazo ndi kufufuza manambala basi.

Dziwani chimene kampani imagulitsa, kwa ndani, pa ndalama yanji

Apa ndi pamene mlamu wanga anatsala pang'ono kupunthwa, ndipo ndichedwapo.

Tengani lipoti lapachaka la kampaniyo. Makampani onse amene ali pa Malawi Stock Exchange amalitulutsa, ndipo mabuloka amene amakugulirani masheya angakupatseni. Pezani mzere wolembedwa "Revenue", ndiko kuti ndalama zonse zimene alandira pogulitsa katundu, kenako werengani tsatanetsatane amene amakhala kumasamba akumbuyo. Funsani mafunso atatu: akugulitsa chiyani, akugulitsa kuno kapena kunja, ndipo akulandira makwacha kapena madola.

Tengani Illovo Sugar Malawi, imene imalima nzimbe ndi kupanga shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Mukamva pawailesi kuti shuga wakwera pamsika wa ku New York chifukwa ku Brazil kapena ku India sanakolole bwino, musathamange. Shuga wambiri wa kampaniyi amagulitsidwa konkuno, pa makwacha, pamtengo umene umayendera zinthu za kuno: kukwera mtengo kwa zinthu, mphamvu ya kwacha, ndalama zimene anthu ali nazo m'thumba, ndiponso kuchuluka kwa shuga wina amene ali pamsika. Mtengo wa kunja umakhudza kwambiri gawo limene limatumizidwa kunja. Ngakhale gawo limenelo lili ndi nkhani yake. Kwa zaka zambiri shuga wa mayiko ngati lathu ankagulidwa ku Ulaya pamtengo wabwino kuposa wa pamsika wa dziko lonse, koma mu 2017 mayiko a mu European Union anachotsa malire a shuga amene alimi awo ankaloledwa kupanga, shuga anachuluka kumeneko, mtengo n'kugwa. Munthu amene ankangoyang'ana mtengo wa paketi pagolosale ya pa Ntcheu boma sakanaona kanthu.

Migodi ndi yosiyana kwambiri. Yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga palibe amene amamugula kuno. Yense amapita kunja, pa madola, ndipo mtengo wake umatchulidwa pa paundi imodzi ya kulemera. Kampani ya mgodi ilibe mphamvu yokweza mtengo ngati mmene angachitire wopanga shuga. Imangolandira umene msika wanena, chimodzimodzi mlimi wa tomato pa Lizulu. N'chifukwa chake masheya a migodi amatsata mtengo wa mwala wawo mooneka bwino kuposa masheya a makampani a ulimi amene ali ndi msika wawo wa kunyumba.

Muonenso kuti kampaniyo ili mbali iti ya sikelo. Soya ndi chimanga zikakwera, wolima amasangalala, koma woweta nkhuku ndi woyenga mafuta ophikira amalira, chifukwa kwa iwo zimenezo ndi zogula. Makampani a PressCane ku Chikwawa ndi EthCo ku Dwangwa, amene ali pansi pa Press Corporation, amapanga ethanolo kuchokera ku molasesi, manyuchi otsala popanga shuga. Molasesi akakwera mtengo kapena akasowa, kwa iwo ndi vuto. Komanso sheya ya Press Corporation siingagwedezeke kwambiri ndi zimenezo zokha, poti kampaniyo ili ndi mabizinesi ena akuluakulu, monga gawo lalikulu mu National Bank of Malawi. Katundu mmodzi akakhala kagawo kakang'ono ka ndalama za kampani, mtengo wake usakutayitseni tulo.

Pezani ndalama zimene amawononga pa tani kapena pa paundi

Makampani a migodi amathandiza pang'ono, chifukwa ambiri amalemba okha nambala imeneyi. Fufuzani zilembo izi m'malipoti awo: AISC. Ndi ndalama zonse zimene zimapita kuti atulutse paundi kapena tani imodzi, kuphatikizapo zokonzetsera makina kuti mgodi uziyendabe. Pali nambala ina yotsikirapo imene amakonda kuionetsa patsogolo, yolembedwa C1, imene imasiya zina kunja. Gwiritsani ntchito yaikuluyo. Ndipo ngati mgodi sunayambe kukumba, nambalayo ndi lonjezo chabe la akatswiri, ndiye muwonjezereko pang'ono m'masamu anu, chifukwa migodi yatsopano kawirikawiri imadya ndalama zambiri kuposa zimene zinalembedwa.

Ku kampani ya ulimi mudziwerengera nokha. Tengani mzere wa "Cost of sales", muphatikize ndalama zoyendetsera ofesi ndi zonyamulira katundu, mugawe ndi matani amene agulitsa chaka chimenecho. Kenako gawani "Revenue" ndi matani omwewo. Mwapeza manambala awiri aja a thumba la kachewere. Chitani zimenezi pa zaka zitatu kapena zisanu zotsatizana, musadalire chaka chimodzi. Mukaona kuti mtengo wogulitsira ukukwera koma wowonongera ukukwera mofulumira kuposa, mpata ukuchepa, ngakhale nyuzipepala zikulemba za mabiliyoni.

Gwedezani mtengo muone phindu mmene livinire

Tiyeni tiyerekeze mgodi wa yureniyamu. Manambala awa si a kampani iliyonse, ndawasankha kuti masamu aphweke. Mgodiwo umatulutsa mapaundi 2 miliyoni pachaka. Paundi iliyonse imawadyera madola 60, ndipo amagulitsa madola 80. Mpata ndi madola 20, phindu la chaka ndi madola 40 miliyoni msonkho usanachotsedwe. Kampaniyo ili ndi masheya 1 biliyoni, ndiye sheya iliyonse yapeza masenti 4.

Kwezani mtengo kufika madola 90. Mpata wafika 30, phindu 60 miliyoni, sheya iliyonse masenti 6. Tsitsani kufika madola 70. Mpata watsala 10, phindu 20 miliyoni, latsika ndi theka. Pa madola 60 mgodi ukungogwirira ntchito yolipira anthu ndi dizilo. Lembani nambala yomalizayi ndi inki yofiira, chifukwa ndi pamene pali phompho. Funso lofunika kuposa onse ndi lakuti: kodi mtengo wa lero uli patali bwanji ndi phomphopo, ndipo m'zaka khumi kapena khumi ndi zisanu zapitazi unatsikapo kangati kupitirira pamenepo?

Kayelekera inatiphunzitsa zimenezi ife tikuona. Mu 2007 yureniyamu anadutsa madola 130 pa paundi, ndipo kampani ya ku Australia ya Paladin Energy inamanga mgodiwo n'kuutsegula mu 2009. Mu Malichi 2011 kunachitika ngozi pamalo opangira magetsi a nyukiliya, amene amagwiritsa ntchito yureniyamu, ku Fukushima, ku Japan. Dziko la Japan linazimitsa malo ake ena otero, Germany inalengeza kuti isiya, ndipo mtengo umene unali pafupi ndi madola 70 unayamba kutsetsereka. Pofika 2014 unali m'madola 30 n'kutsikabe, ndipo chaka chimenecho mgodi unaimitsidwa chifukwa kukumba kunkadya ndalama zoposa zimene ankapeza. Mwala unali momwemo m'nthaka, makina analipo, koma mpata unatha. Sheya ya Paladin inagwa kuposeratu mmene unagwera mtengo wa yureniyamu, poti kampaniyo inalinso ndi ngongole zazikulu. Mu 2020 mgodiwo unagulitsidwa kwa Lotus Resources. Kumayambiriro kwa 2024 mtengo unadutsanso madola 100, ndipo m'nyengo ya mitengo yabwino imeneyi ndi mmene ntchito youtsegulanso inayambira.

Ngongole muiyang'anitsitse. Chiwongoladzanja sichidikira kuti mtengo ubwerere. Pa mgodi wathu woyerekeza uja, ngati amalipira madola 10 miliyoni pachaka kubanki, ndiye kuti paundi iliyonse yasenza madola 5 ena, ndipo phompho lasendera kuchoka pa 60 kufika pa 65.

Funsani ngati katundu anagulitsidwa kale

Mlimi amene anapangana ndi mwini lesitilanti kuti azimupatsa kachewere pamtengo umodzi chaka chonse sasangalala mtengo ukakwera pa Lizulu, koma sadandaulanso ukagwa. Migodi ya yureniyamu imachita chimodzimodzi. Yureniyamu wambiri amagulitsidwa pa makontalakiti a zaka zingapo ndi makampani a magetsi, osati pamtengo wa tsiku umene mumauwerenga m'nkhani.

Tibwerere ku mgodi uja. Tinene kuti theka la katundu analonjeza kale pa madola 75. Mtengo wa pamsika ukafika 90, iwo pa avareji alandira 82.50, ndipo phindu ndi 45 miliyoni, osati 60. Mtengo ukagwa kufika 60, alandira 67.50, ndipo atsalabe ndi 15 miliyoni pamene anzawo opanda kontalakiti alibe kanthu. Zimenezi zimalembedwa m'malipoti ndi m'zilengezo za kampani, nthawi zambiri pansi pa mawu akuti "offtake" kapena "hedging". Mukapanda kuziona, masamu anu onse apita padera.

Ku ulimi, werengani matumba musanawerenge mtengo

Mgodi umadziwa pafupifupi kuchuluka kwa zimene ukumbe chaka chino. Munda sudziwa. Ndipo choipa chake n'chakuti nthawi zambiri mtengo umakwera chifukwa choti zokolola zachepa, ndiye kampani imene mukuyembekeza kuti ipindule ingakhale yomweyo imene yakolola zochepa.

Yesani motere. Munda umatulutsa matumba 100, lililonse K50,000, zonse K5,000,000. Wawononga K4,000,000, ndipo zambiri mwa izo zinapita kale asanakolole. Phindu ndi K1,000,000. Chaka chino madzi osefukira akokolola matumba 20. Mtengo wakwera kufika K57,500. Matumba 80 abweretsa K4,600,000. Phindu latsika kufika K600,000, pamene aliyense pamsika akudandaula kuti zinthu zadula ndipo akuganiza kuti mwini munda walemera.

Ku Chigwa cha Shire, kumene kuli minda ya Nchalo, kunadutsa namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Nzimbe za kumeneko n'zothirira, choncho zimadaliranso mapampu ndi magetsi. Mukamayeza sheya ya kampani ya nzimbe, onani matani a nzimbe amene agaya ndi matani a shuga amene atuluka, chaka ndi chaka, musanayang'ane mtengo wa paketi. Chaka cha ndalama cha Illovo chimatha pa 31 Ogasiti, ndiye zotsatira za dzinja loipa mumadzaziona m'lipoti patapita miyezi yambiri. Odziwa amakhala atawerengeratu.

Ikanipo kwacha

Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa kampani yogulitsa kunja pa madola koma yolipira antchito pa makwacha, kutsika kotere kumakulitsa mpata, ngakhale dizilo, mankhwala ndi zipangizo za makina zimagulidwabe pa madola. Kwa kampani yogulitsa kuno pa makwacha koma yogula feteleza ndi mafuta kunja, mpata umapanikizika kufikira itakweza mtengo wake. Mukumbukira mmene feteleza anakwerera mu 2021 ndi 2022, makamaka nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba. Shuga akakwera m'nyengo yotero, kawirikawiri kampani ikungothamangitsa ndalama zimene zakwera kale kumbuyo kwake. Izi ndi zimene ndinamuuza mlamu wanga: kukwera kwa paketi kungakhale chizindikiro cha phindu, kungakhalenso chizindikiro cha bala.

Ndipo phindu la makwacha muziliyeza ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Likakwera ndi 20 peresenti m'chaka chimene zinthu zakwera ndi 30 peresenti, kampaniyo yabwerera m'mbuyo.

Migodi imene sinayambe kugulitsa

Mayina amene akumveka kwambiri masiku ano ndi a malo amene akukonzedwa: Kasiya ku Lilongwe, kumene Sovereign Metals inapeza rutayilo ndi girafayiti, Kangankunde kwa anansi athu ku Balaka, kumene kuli Lindian Resources, ndi Songwe Hill ku Phalombe, kwa Mkango Resources. Kampani ikakhala kuti sinayambe kugulitsa, ilibe mpata woti muuyeze. Sheya yake imayendera chiyembekezo, ndipo imagwedezeka kuposa ya mgodi wogwira ntchito. Palinso china chimene ambiri sachiona. Pofuna ndalama zomangira, kampani yotero imasindikiza masheya atsopano n'kugulitsa. Pa mgodi wathu uja, masheya akachoka pa 1 biliyoni kufika pa 2 biliyoni, phindu lomwe lija la 40 miliyoni limapereka masenti 2 pa sheya, osati 4. Mtengo wa mwala ukakhala wotsika panthawi imene akufuna ndalamayo, amakakamizika kugulitsa masheya ambiri motchipa, ndipo gawo lanu limachepa kwamuyaya ngakhale mtengo udzabwerere. Choncho onani ndalama zimene zili kubanki kwawo, mugawe ndi zimene amawononga pa miyezi itatu iliyonse, mudziwe kuti atsala ndi nthawi yaitali bwanji asanabwere kudzapemphanso.

Masheya a makampani amenewa amagulitsidwa kunja, monga ku Australia, ku London ndi ku Canada. Kuwagula kumafuna ndalama zakunja ndiponso kutsata malamulo a Reserve Bank of Malawi. Munthu akakupezani pa WhatsApp n'kunena kuti mumutumizire ndalama pafoni akugulireni masheya a mgodi, mukaneni.

Onani ngati msika wakutsogolerani kale

Ili ndi gawo limene ine ndinaliphunzira mochedwa. Ndinagulapo sheya ina nkhani yabwino itatuluka kale m'nyuzipepala, ndipo ndinakhala nayo zaka ziwiri isanabwerere pamtengo umene ndinagulira. Nkhani ikamafika kwa ife, amene amatsata mitengo tsiku ndi tsiku amakhala atagula kale.

Njira yodziwira ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Mgodi wathu uja, yureniyamu ali pa madola 80, sheya imapeza masenti 4. Tinene kuti inkagulidwa masenti 40, ndiko kuti kakhumi kuposa phindu la chaka. Tsopano yureniyamu wafika 90, ndipo sheya yalumpha kufika masenti 90. Kuti mtengo umenewo ukhale woyenera pa muyeso womwe uja, sheya iyenera kupeza masenti 9, ndiye kuti phindu la madola 90 miliyoni, mpata wa madola 45 pa paundi, yureniyamu pa madola 105. Amene akugula lero akulipirira mtengo wa 105 pamene pamsika pali 90. Yureniyamu akangoima pa 90 osakweranso, sheya ingagwe, ngakhale palibe choipa chachitika ku mgodi. Mtengo wokwera umabweretsanso mankhwala ake: migodi yotsekedwa imatsegulidwa, alimi amawonjezera maekala, katundu amachuluka. Tonse taonapo tomato akuwolera m'madengu m'mbali mwa M1 chaka chotsatira chaka cha mtengo wabwino.

Pamsika wathu wa ku Blantyre pali kusiyana kumodzi. Ogula ndi ogulitsa ndi ochepa, masheya ambiri ali m'manja mwa eni akuluakulu ndi mabungwe a penshoni amene sagulitsa kawirikawiri, ndiye sheya ingakhale pamtengo umodzi masabata angapo kenako n'kudumpha kampani ikalengeza kuti phindu lake lisintha kwambiri. Zilengezo zimenezi zimatuluka m'nyuzipepala pansi pa mutu wakuti "Trading Statement", lipoti lenileni lisanatuluke. Muziziwerenga. Ndipo mukafuna kugulitsa panthawi yoipa mungadikire masiku osapeza wogula, choncho ndalama ya feteleza wa chaka chino kapena ya fizi ya ana musaiike kumeneko.

Mlamu wanga anabwera Loweruka lotsatira ndi malipoti a zaka zitatu amene buloka anamutumizira pafoni. Tinakhala pakhonde ndi kope la mwana wake la masamu, tinajambula mizere inayi: matani, mtengo pa tani, zowononga pa tani, mpata. Pansi pake analemba yekha mtengo umene mpata ungathere, ndi mtengo wa sheya umene iye angalolere kugula osapitirira. Anamuimbira buloka Lolemba n'kumuuza nambala imeneyo, kuti sheya ikafika pamenepo amugulire zochepa, ikapanda kufika asiye.